Potalo ikukana nambala yanu ya wophunzira: zoyamba kufufuza ndi uthenga wolembera ku ofesi

Mwalemba nambala monga momwe ilili pa khadi, pasiwedi mwaibwereza kawiri mosamala, koma potalo ikungobweza mawu ofiira omwe aja: `Invalid username or password`. Ophunzira ambiri akaona zimenezi amathamangira kulembera ku ofesi kuti "sindikutha kulowa, ndithandizeni." A ku ofesi nawo amachita chomwe chili pafupi: amasintha pasiwedi n'kutumiza yatsopano. Wophunzira uja akayesanso amakanidwabe, chifukwa pasiwedi sinalakwe chilichonse. Chomwe chavuta ndi kalembedwe ka nambala, ndipo masiku atatu apita pachabe.

Uthenga wofiira uja sunena chomwe chalakwika pakati pa zinthu ziwirizo, ndipo anaupanga dala choncho. Potalo ikanamanena kuti "nambala ndi yolondola koma pasiwedi ndi yolakwika," wakuba akanadziwa manambala omwe alipodi n'kuyamba kulosera mapasiwedi ake. Ndiye ntchito yosiyanitsa imatsalira inu. Mukaigwira musanalembe uthenga, ofesi imalandira nkhani yoti ikonze m'mphindi zochepa m'malo moyamba kukufunsani mafunso.

Kompyuta siwerenga nambala ngati munthu

Kwa munthu, `02304571` ndi `2304571` ndi nambala imodzi. `BSC/0457/23` ndi `BSC-0457-23` nazonso amaziona ngati chinthu chimodzi. Potalo siganiza choncho. Imatenga zomwe mwalemba n'kuziyerekeza ndi zomwe zili mu kaundula wake, chilembo ndi chilembo, kuyambira kumanzere mpaka kumapeto. Pakangosiyana chimodzi, ngakhale mpata wosaoneka, yankho lake ndi loti munthu ameneyu kulibe.

Choncho pali malo atatu pomwe nambala ingasokonekere: pa zala zanu polemba, pa malamulo a bokosi lolembamo, ndi mu kaundula momwe ofesi inailowetsa. Malo oyamba mungakonze nokha. Achiwiri mungawazembe mukadziwa kalembedwe komwe bokosilo limafuna. Achitatu ndi a ofesi basi, ndipo kuyesayesa kwanu sikungasinthe kanthu kupatula kutseketsa akaunti.

Pa nkhani yotseketsayi chenjerani kuyambira pachiyambi. Mapotalo ambiri amatseka akaunti kwa kanthawi munthu akalephera kangapo motsatizana. Ena pakatatu, ena pakasanu, malinga ndi momwe sukulu inaikira. Akaunti ikatsekedwa, ngakhale mulembe zolondola imakanabe, ndiye simudziwanso ngati kalembedwe komwe mwayesako kanali koyenera. Muziyesa kamodzi kamodzi, n'kulemba papepala chomwe mwalemba ndi chomwe potalo yayankha. Pepala limenelo ndi lomwe lidzakhale pakati pa uthenga wanu.

Yambani ndi zala ndi foni yanu

Tsegulani pulogalamu yolembera timanotsi, mulembemo nambalayo ndi manja, kenako muwerenge zilembo zake chimodzichimodzi poyerekeza ndi khadi. Pa khadi lofufuma kapena kalata yosindikizidwa ndi inki yochepa, ziro ndi chilembo `O` zimafanana kwambiri, monganso `1`, `I` ndi `l`, kapena `5` ndi `S`. Njira yodziwira ndi kuyang'ana nambala ya mnzanu wa m'kalasi imodzi: ngati pamalo pamenepo iye ali ndi dijiti, nanunso ndi dijiti.

Kiyibodi ya foni ili ndi msampha wake. Mukadina mawu omwe yakulozerani pamwamba, imawonjezera mpata kumapeto. Mapotalo ena amauchotsa okha, ena ayi. Dinani kumapeto kwenikweni kwa nambala muone ngati kamzere kothwanima kaja kagunda dijiti yomaliza kapena kaima patali pang'ono. Kukopa nambala kuchokera mu kalata ya `PDF` kapena ya `Word` kumabweretsanso zina zobisika. Kamzere kogona kamene mukuona mu kalatamo nthawi zina si `-` wa pa kiyibodi koma `–` wotalikirapo, yemwe `Word` imaika yokha munthu akamalemba. Ndi maso kusiyana kwake n'kochepa, koma kwa kompyuta ndi zilembo ziwiri zosiyana. N'chifukwa chake pofufuza vutoli ndi bwino kulemba nambala ndi manja osati kukopa.

Chomaliza pambali imeneyi ndi bulawuza yomwe inasunga zakale. Ngati bokosi likudzaza lokha mukangotsegula tsamba, mwina likuika nambala yomwe munkagwiritsa ntchito popempha malo. Tsegulani zenera lachinsinsi, `New Incognito tab` mu `Chrome` kapena `New private window` mu `Firefox`, mulembe zonse mwatsopano.

Kodi ndi nambala yoyenera?

Wophunzira mmodzi amatha kukhala ndi manambala atatu kapena anayi: yofunsira malo, yolembetsera yomwe imaperekedwa akamulandira, ya mayeso, ndi ina yolipirira fizi. Yofunsira malo nthawi zambiri imagwira pa tsamba la ofuna malo lokha, ndipo imasiya ntchito munthu akalembetsa. Amene anasintha kosi ayang'anenso bwino, chifukwa m'masukulu momwe nambala imayamba ndi zilembo za kosi, kusintha kosi kumatha kubweretsa nambala yatsopano pomwe khadi m'thumba likadali lakale.

Werenganinso mawu ali pamwamba pa bokosilo. `Student number`, `Registration number` ndi `Username` si chinthu chimodzi nthawi zonse. Pa `Moodle`, yomwe masukulu ambiri amaikapo maphunziro, dzina lolowera limaloledwa kukhala ndi zilembo zing'onozing'ono, madijiti, ndi zizindikiro zinayi izi: `_`, `-`, `.` ndi `@`, pokhapokha woyang'anira atatsegula zoti zizindikiro zina zizilowa. Kamzere kopendama `/` sikali pamndandandawo. Ofesi ikamalowetsa ophunzira ambiri nthawi imodzi `Standardise usernames` ili pa `Yes`, zizindikiro zosaloledwa zimachotsedwa ndipo zilembo zazikulu zimachepetsedwa. Nambala ya pa khadi imasanduka chonchi:

```
BSC/0457/23
bsc045723
```

Wophunzira yemwe sanauzidwe zimenezi amalemba ya pa khadi n'kumangoona `Invalid login, please try again`. Apa palibe chowonongeka, wangosowa womuuza. Kufunsa mnzanu mmodzi yemwe walowa kale kuti iye akulemba bwanji yake kumathetsa nkhaniyi osalemba kalata ina iliyonse.

Ziro wotayika: vuto lomwe simungakonze nokha

Tsopano titenge chitsanzo chomwe chimabwerabwera kumayambiriro kwa semesita, tichitsate mpaka kumapeto. Manambala ake ndi ongopeka.

Wophunzira ali ndi nambala ya madijiti 8, `02304571`. Pasukulu pake madijiti awiri oyamba amaimira dipatimenti, ndipo yake ndi `02`. Semesita yatha ankalowa bwinobwino. Lero walemba nambala yonse, potalo yayankha `Invalid username or password`. Wayesa pa zenera lachinsinsi, yankho ndi lomwelo. Wapita pa `Forgot password` n'kulemba nambala yomweyo, ndipo tsamba lanena kuti `No account found`. Apa wapeza chinthu chamtengo wapatali: tsamba limeneli silifunsa pasiwedi, ndiye ngati likukana, likukana nambala. Si mapotalo onse omwe amaulula choncho. Ena amangoti ngati akaunti ilipo imelo yatumizidwa. Zikatero dikirani mphindi 10 kapena 15, muyang'anenso mu `Spam`. Imelo ikapanda kufika ndi chizindikiro chabe, si umboni wokwanira, chifukwa mwina ikupita ku adiresi ina yomwe ofesi inalemba.

Kenako wafunsa anzake. Awiri a m'dipatimenti yake, omwe manambala awo amayambanso ndi `02`, akukanidwa chimodzimodzi. Mnzake wa dipatimenti ina, yemwe nambala yake imayamba ndi `11`, walowa popanda vuto. Pa mndandanda wa kalasi womwe aphunzitsi atumiza sabata ino, dzina lake lili pambali pa `2304571`, madijiti 7. Wayesa kulemba madijiti 7 omwewo, ndipo bokosi lamukana lisanatumize n'komwe: `Student number must be 8 digits`.

Wapanikizika pakati pa miyala iwiri. Bokosi likufuna madijiti 8, kaundula ali ndi 7. Palibe kalembedwe komwe kangakhutitse zonse ziwiri.

Chomwe chimachititsa zimenezi nthawi zambiri ndi `Excel`. Mndandanda wa ophunzira umachoka mu kaundula wamkulu ngati fayilo ya `CSV`, yomwe ndi mawu wamba olekanitsidwa ndi makoma. Munthu akaidina kawiri imatseguka mu `Excel`, ndipo `Excel` ikaona bokosi lokhala ndi madijiti okhaokha imaliyesa nambala yowerengetsera. Pa masamu ziro wakutsogolo alibe ntchito, ndiye imamutaya. Munthu uja akakonza dzina limodzi n'kusunga fayilo, maziro onse apita, ndipo fayilo yoduka ija ndi yomwe imakwezedwa pa potalo. N'chifukwa chake vutoli limagwera gulu limodzi n'kusiya lina, n'chifukwa chakenso limabwerera semesita iliyonse mndandanda ukakwezedwanso. Manambala aatali amaona zina: a madijiti 12 kapena kuposa amaoneka ngati `2.02E+11`, ndipo opitirira madijiti 15 amasanduka maziro kumapeto kwake, moti sangabwezeretsedwe popanda kubwerera ku kaundula wamkulu.

Chenjezo limodzi musanapitirire. Mukamayesa kuchotsa kapena kuwonjezera madijiti, n'zotheka kugwera pa nambala ya munthu wina, makamaka pomwe ongoyamba kumene onse anapatsidwa pasiwedi yofanana. Mukaona dzina losakhala lanu, tulukani nthawi yomweyo osasintha kalikonse, ndipo mukanene zimenezo mu uthenga wanu.

Uthenga weniweniwo

Amene adzawerenge uthenga wanu ali ndi mauthenga ena ambirimbiri onena kuti "potalo sikugwira." Sakukudziwani, sakuona foni yanu, ndipo chida chake chofufuzira ndi bokosi lomwe amalembamo nambala kapena dzina. Akalemba `02304571` n'kupeza kuti palibe, akhoza kuganiza kuti simunalembetse kapena simunalipire, n'kukutumizani ku ofesi ina. Ntchito ya uthenga wanu ndi kumupatsa njira yachiwiri yokupezerani ndi kumulozera pomwe pali kusiyana.

Mutu wa imelo unene vuto ndi nambala, kuti ngakhale wongodutsa ndi maso adziwe kuti si nkhani ya pasiwedi. Nachi chitsanzo chonse cha nkhani tafotokozayi:

Mutu: Potalo ikukana nambala `02304571`, zikuoneka kuti ziro woyamba wasowa mu kaundula

Kwa a Ofesi ya Kalembera,

Bambo kapena Mayi,

Ndine wophunzira wa chaka chachiwiri, ndipo dzina langa lonse, kosi yanga ndi tsiku langa lobadwa ndazilemba kumapeto monga zilili pa khadi. Nambala yanga pa khadi ndi pa kalata yondilandira ndi `02304571`, madijiti 8, woyamba ndi ziro.

Kuyambira Lolemba pa 14 Okutobala sindikutha kulowa pa potalo ya ophunzira. Semesita yatha ndinkalowa ndi nambala yomweyi. Zomwe ndayesa ndi izi, komaliza lero nthawi ya 9:40 m'mawa:

```
02304571  Invalid username or password
2304571   Student number must be 8 digits
02304571  No account found   (Forgot password)
```

Ndayesa pa foni ndi pa kompyuta, ndikulemba ndi manja, ndipo mayankho ndi omwewo. Pa mndandanda wa kalasi womwe tatumiziridwa sabata ino nambala yanga yalembedwa `2304571`, yopanda ziro. Anzanga awiri omwe manambala awo amayamba ndi `02` akukanidwanso, pomwe wa nambala yoyamba ndi `11` akulowa.

Ndikupempha kuti mundifufuze ndi dzina kapena ndi `2304571`, muone momwe nambala yanga yasungidwira, ndipo ngati ziro wasowadi mumubwezeretse. Ngati pali kalembedwe kena komwe ndiyenera kugwiritsa ntchito, chonde mundilembere ndendende. Kusintha pasiwedi kokha sikuthandiza, chifukwa tsamba la `Forgot password` nalo silikuipeza nambalayi.

Kulembetsa maphunziro kukutsekedwa Lachisanu pa 18 Okutobala. Ngati vutoli silitha tsikulo lisanafike, ndikupempha mundiuze njira ina yolembetsera, kapena mundilembere kuti ndinanena nthawi isanathe.

Ndaphatikizapo zithunzi zitatu za sikirini ndi chithunzi cha kutsogolo kwa khadi langa.

Zikomo kwambiri chifukwa cha thandizo lanu.

Ine wophunzira wanu,

Pansi pa mawu omalizawo mulembe dzina lonse, kosi, chaka, tsiku lobadwa ngati ofesi imaligwiritsa ntchito potsimikiza munthu, ndi nambala ya foni yomwe imapezeka masana.

Chifukwa chake walembedwa choncho

Taonani kuti nambala yatchulidwa pamodzi ndi kuchuluka kwa madijiti ake komanso mawu oti "woyamba ndi ziro." Kubwereza kumeneku kuli ndi ntchito. Uthenga wanu ukhoza kukopedwa kulowa mu ndandanda ya madandaulo, yomwe mwina ilinso mu `Excel`, ndipo ziro yemwe mukudandaulayo akhoza kutayikanso panjira. Mawu satayika choncho. Ngati nambala yanu ili ndi zilembo zosokoneza, chitaninso chimodzimodzi: nenani kuti chachinayi ndi ziro osati chilembo `O`.

Mizere itatu ya zomwe mwayesa ndiyo imanyamula uthenga wonse. Mawu a potalo alembedwe monga aonekera, m'chilankhulo chomwe aonekera, osawamasulira kapena kuwafupikitsa kuti "ikungokana." Kwa a zamakompyuta, `must be 8 digits` akutanthauza kuti bokosi lakana lokha lisanafunse kaundula, `No account found` akutanthauza kuti kaundula wafunsidwa ndipo sanapeze, ndipo `Account locked` kapena `Account disabled` akutanthauza kuti nambala yapezeka koma yatsekedwa. Awa ndi matenda atatu osiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Nthawi nayo ndi yofunika: seva, kompyuta yomwe imayendetsa potalo, nthawi zambiri imasunga mbiri ya aliyense woyesa kulowa, ndipo munthu wopatsidwa "9:40 m'mawa" amapita pamzere wake mwachindunji n'kuona zomwe zinafika kuchokera pa foni yanu, kuphatikizapo mpata wobisika ngati unalipo.

Za anzanu zatchulidwa popanda mayina kapena manambala awo onse. Zakwana choncho. Chofunika ndi kuonetsa kuti vuto likutsata chiyambi cha nambala, chifukwa zimenezo zimasintha nkhani kuchoka pa wophunzira mmodzi woiwala pasiwedi kufika pa fayilo yomwe inakwezedwa molakwika. Ofesi imathamangira chachiwirichi. Anzanuwo alembe mauthenga awoawo, kapena akuloleni kaye musanawatchule.

Mawu oti "zikuoneka kuti" asiyeni momwemo. Inu simunaone kaundula, mwangoona zizindikiro. Uthenga wonena kuti "mwataya ziro wanga mu `Excel`" umapangitsa wowerenga kuyamba kudziteteza, ndiponso mukhoza kukhala kuti mwalakwitsa: mwina manambala anasinthidwa dala kalata yake n'kukuphonyani. Perekani umboni, pempho likhale loti aone. Yemwe amagwira ntchitoyo akaona madijiti 7 pambali pa madijiti 8 sasowa womuuza chomwe chachitika.

Ndime ya tsiku lotsekera ndi yomwe ambiri amaiwala, chonsecho ndi yomwe imakutetezani ngati kukonza kwachedwa. Kulowa pa potalo si cholinga chenicheni. Mukufuna kulembetsa maphunziro, kuona zotsatira kapena kutenga chikalata cholowera mayeso. Mukanena chomwe chatsekeka ndi tsiku lake, ofesi imadziwa kuika nkhani yanu patsogolo, ndipo imelo yokhala ndi deti imakhala mboni yanu pakabwera nkhani ya chindapusa cha kuchedwa.

Pali chimodzi chomwe sichiyenera kupezeka mu uthengawo: pasiwedi. Ofesi siifuna kuti ikonze nambala, ndipo pa potalo yopangidwa bwino ngakhale a zamakompyuta saiona, amangotha kuisintha. Pojambula sikirini onetsetsani kuti bokosi la pasiwedi likuonetsa timadontho. Chithunzicho chigwire zinthu zitatu nthawi imodzi: adiresi ya tsamba pamwamba, nambala yomwe mwalemba, ndi uthenga wokana. Mapotalo ena amafufuta nambala akangokana. Zikatero jambulani kawiri, musanadine `Log in` ndi mutadina. Adiresi ya pamwambayo imathandizanso kuona ngati muli pa tsamba loyenera, chifukwa masukulu ambiri ali ndi masamba osiyana a ofuna malo, a ophunzira ndi a maphunziro, ndipo amafanana maonekedwe.

Kutumiza kwa ndani

Nambala ndi ya ofesi ya kalembera. Potalo ndi ya ofesi ya zamakompyuta. Vuto la kalembedwe limakhala pakati pa awiriwa, n'chifukwa chake wophunzira amatha kumangoponyedwa uku ndi uku. Ngati khadi ndi kalata yokulandirani zikusiyana zokha, nkhani ndi ya a kalembera, chifukwa ndi okhawo anganene kuti nambala yeniyeni ndi iti. Ngati zikalata zonse zikugwirizana koma potalo ndiyo ikusiyana nazo, ndi ya a zamakompyuta. Pomwe simukudziwa, tumizani imelo imodzi kwa mmodzi n'kuika winayo pa `Cc`, kuti onse aziona mayankho a mnzake. Maimelo awiri osiyana amabala mayankho awiri otsutsana.

Tumizani kuchokera pa adiresi yomwe sukulu ikuidziwa. Apa pamakhala chopinga china: m'masukulu ena imelo ya sukulu imatsegulidwa ndi nambala yomweyo, ndiye nayo yatsekeka. Zikatero gwiritsani ntchito yomwe munalemba popempha malo, ndipo munene m'chiganizo chimodzi chifukwa chake. Musadabwe akakuuzani kuti mubwere nokha ndi khadi. Ofesi yosamala sisintha zolowera za munthu pongomvera imelo yochokera ku adiresi yachilendo. Popita mutenge pepala lija la zomwe munayesa.

Ngati sukulu ili ndi fomu yodandaulira yomwe nayonso ili ndi bokosi la nambala, lembani nambalayo m'bokosimo komanso muibwereze m'mawu ofotokoza, pa chifukwa chomwe tanena kale chija.

Yankho likabwera losathandiza

Yankho lofala kwambiri ndi pasiwedi yatsopano. Musakwiye nalo, chifukwa muli nkhani yabwino mkati mwake: kuti asinthe pasiwedi ndiye kuti akupezani mu kaundula. Yesani kamodzi, kenako muyankhe pa imelo yomweyo, osayamba ina:

Zikomo Mayi chifukwa choyankha msanga. Ndayesa pasiwedi yatsopanoyi lero nthawi ya 2:15 masana ndi nambala `02304571`, ndipo potalo yayankhabe `Invalid username or password`. Popeza mwaipeza akaunti yanga, chonde mundikopere zomwe zili m'bokosi la `Username` kapena `Student number` monga zikuonekera kwa inu, kuti tiyerekeze ndi za pa khadi.

Pempho limeneli ndi laling'ono, lotheka m'mphindi imodzi, ndipo limachititsa wa mu ofesi kuyang'ana pamalo penipeni pomwe pali vuto. Nthawi zambiri amaliona yekha asanamalize kukopa.

Pakapanda yankho, dikirani masiku awiri ogwira ntchito musanakumbutse, kupatula ngati tsiku lotsekera lili pafupi kuposa pamenepo. Zikatero imbani foni kapena pitani, mutchule mutu wa imelo ndi tsiku lomwe munatumiza. Ngati munapatsidwa nambala ya dandaulo, izikhala pamzere woyamba wa chilichonse chomwe mukulemba.

Kwa a mu ofesi omwe alandira uthenga wotere

Kukonza akaunti imodzi ndi manja kumathandiza wolembayo yekha, ena onse a `02` n'kutsala panja. Njira yachangu yoonera kukula kwa vuto ndi kuwerengetsa kutalika kwa manambala mu fayilo yomwe inakwezedwa, kenako kubwezeretsa maziro mu kolamu yatsopano:

```
=LEN(A2)
=TEXT(A2,"00000000")
```

Fomula yoyamba ionetsa `7` pa mizere yonse yoduka. Yachiwiri imadzaza maziro kutsogolo mpaka madijiti akwane 8, ndipo ndi yodalirika pokhapokha ngati manambala onse pasukulupo ndi a madijiti 8; ngati kutalika kwake kumasiyana, tengani fayilo ina kuchokera ku kaundula wamkulu. Kuti zisabwerenso, fayilo ya `CSV` isamatsegulidwe poidina kawiri. Ilowetsedwe kudzera pa `Data`, kenako `From Text/CSV`, kolamu ya manambala iikidwe kukhala `Text`. Musanakweze, tsegulani fayiloyo mu `Notepad` muone ndi maso kuti maziro alipo.

Pokweza fayilo yokonzedwa pamafunika kusamala kwina. Ngati potalo imazindikira munthu ndi nambala yomweyo, idzaona `02304571` ngati wophunzira watsopano n'kupanga akaunti yachiwiri, ya `2304571` ikadali pomwepo. Zolembetsa, mamaki kapena fizi zomwe zinalowa sabata imeneyo zimatsalira ku akaunti yolakwikayo. Choyenera ndi kusintha nambala pa akaunti yomwe ilipo kale, kapena kuphatikiza ziwirizo zinthu zisanachuluke.

Wophunzira nayenso afufuze zomwezi akangolowa. Aone kuti dzina ndi lake, nambala pa tsamba la `Profile` ili ndi madijiti onse 8, zotsatira za semesita yatha zikuoneka, ndipo ndalama zomwe analipira zalembedwa. Akapeza tsamba lopanda kanthu ngati la munthu wongoyamba kumene, asalembetse maphunziro pamenepo. Ajambule sikirini, ayankhe pa imelo yomwe ija kuti walowa koma mbiri yake palibe, ndipo apemphe kuti aone ngati dzina lake lili ndi maakaunti awiri.